EMA 10 yandidyera ndalama, SMA 10 ikundichedwetsa: zimasiyana pati kwenikweni?

Kadziwotche
Moni nonse pa gulu. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa tulo sabata ino. Ndimachita malonda a golide pa foni, pa MetaTrader, tchati cha ola limodzi. Lamulo langa ndi losavuta: mzere wa avereji ukayamba kuloza m'mwamba ndimagula, ukaweramira pansi ndimagulitsa. Ndinkagwiritsa ntchito EMA 10. Lachiwiri mzerewo unatembenuka katatu pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo, ine n'kumalowa nthawi iliyonse, ndipo katatu konseko ndinaluza. Madola 18 anapita, pa akaunti ya madola 100. Lachitatu ndinasintha n'kuika SMA 10. Lachinayi golide anakwera bwinobwino, koma mzere wanga unadzatembenuka mtengo utapita kale patali, ndinangotola zotsalira. Tsono zonsezi ndi 10, makandulo ake, kandulo imodzi pa ola lililonse, ndi omwewo. N'chifukwa chiyani wina akuthamanga wina akukwawa? Ndipo woyenera ndi uti?

Chiphaliwali
Yankho ndi lalifupi achimwene. EMA ndi yachangu, SMA ndi yochedwa. Amene ali pa tchati cha ola limodzi alibe nthawi yodikira SMA. Bwererani ku EMA.

Kadziwotche
Yachanguyo ndi imene yandidyera madola 18.

WakuJoni
Mwina vuto ndi netiweki. Ine ndili kumudzi mwezi wa Disembala tchati chinkachedwa kwambiri, mtengo wa pa foni unkasiyana ndi weniweni. Yesani kusintha laini kapena mupeze malo okwera.

Namulondola
Ayi a WakuJoni, kuchedwa akunenaku si kwa netiweki. Ngakhale intaneti itakhala yothamanga bwanji, mzere wa avereji umatsalira m'mbuyo mwa mtengo chifukwa umawerengedwa kuchokera ku mitengo yakale. Ndi mmene unapangidwira.

WakuJoni
Oho, pepani, ndinamva molakwika. Pitirizani, nanenso ndimvetsere.

AnkoloMasamu
Achimwene a Kadziwotche, pepani ndi madolawo. Ndiyankha motalikirapo chifukwa yankho la a Chiphaliwali ndi loona theka lokha.

SMA 10 imatenga mitengo yotsekera ya makandulo 10 omaliza, n'kuiphatikiza, n'kugawa ndi 10. Kandulo iliyonse ili ndi gawo lofanana, 10 peresenti. Ya ola lino 10, ya maola 9 apitawo 10. Ya nambala 11 ilibe gawo ngakhale pang'ono, yatuluka pakhomo.

EMA siwerengera choncho. Imayang'ana pomwe inali pa kandulo yapitayo, n'kuona mtunda womwe ulipo kuti ifike pa mtengo watsopano, n'kuyenda kachigawo chabe ka mtundawo:

```
alpha = 2 / (N + 1)
EMA = EMA_yapita + alpha * (mtengo - EMA_yapita)
```

Pa 10, kachigawoko ndi 2 kugawa ndi 11, pafupifupi 18 peresenti. Ndiye kandulo yatsopano imalemera 18, yotsatira m'mbuyo pafupifupi 15, inayo 12, zikucheperachepera choncho koma osafika pa ziro.

Tsopano tiyese. Mtengo wakhala pa 1,000 nthawi yaitali, mizere yonse iwiri ili pa 1,000. Mwadzidzidzi walumphira pa 1,100 n'kukhazikika pomwepo. Kandulo yoyamba ikatseka, SMA ili pa 1,010, EMA ili pa 1,018. Yachitatu, SMA 1,030, EMA 1,045. Yachisanu, SMA 1,050, EMA 1,063. Mpaka apa a Chiphaliwali akunena zoona. Koma musachoke, onani zotsatira. Pa kandulo ya 8 mizere yonse yakumana pa 1,080. Pa kandulo ya 10 SMA yafika pa 1,100 ndendende, ulendo watha, pomwe EMA ikadali pa 1,087 ndipo 13 yotsalayo iimaliza mwapang'onopang'ono. EMA imanyamuka ndi liwiro n'kumatopa, SMA imayenda mofanana mpaka kufika.

Chiphaliwali
Ankolo, mukuti SMA imapitirira EMA? Pa tchati changa sindinazionepo zimenezo.

AnkoloMasamu
Mumaziona, kungoti simunazilabadire. Pezani malo pomwe mtengo unalumpha pa nkhani yaikulu kenako n'kukhala phee maola angapo. Ikani mizere yonse iwiri, wina wofiira wina wobiriwira. Muona wa EMA ukutsogola, kenako wa SMA ukuudutsa n'kukagona pa mtengo, wa EMA ukubwerabe m'munsi. Chimene chimabisa ndi chakuti golide sakhala phee maola 10 kawirikawiri.

Namulondola
Ndiwonjezerepo chimodzi chimene chinandidabwitsa nditangochiwerengera ndekha pa pepala. Ngati mtengo ukukwera mofanana, tinene 1 pa kandulo iliyonse kwa nthawi yaitali, SMA 10 ndi EMA 10 zimatsalira m'mbuyo mofanana ndendende, zonse ndi 4.5. Mtengo ukakhala pa 1,050, zonse ziwiri zili pa 1,045.5, mizere kugundana ngati umodzi.

Chiphaliwali
Izi ndiye ndakana achemwali. Nanga dzina loti yachangu linachokera kuti?

Namulondola
Werengani nokha achimwene. Pa SMA makandulo ali ndi msinkhu 0, 1, 2 mpaka 9, ndipo pakati pake ndi 4.5. Pa EMA kandulo yatsopano ndi yolemera, inde, koma kumbuyo kuli mchira wautali wa makandulo akale, a 15, a 20, a 30 apitawo, omwe SMA inawataya kalekale koma EMA ikuwakokabe. Kulemera kwa kutsogolo ndi mchira wa kumbuyo zikaphatikizana, msinkhu wapakati umabwera pa 4.5 pomwepo. Si mwangozi. 2 kugawa ndi N + 1 ija ndi nambala imene imachititsa kuti EMA ndi SMA za nambala imodzi zikhale ndi msinkhu wofanana.

AnkoloMasamu
Zoona zimenezo. Ndiye funso la a Chiphaliwali ndi labwino: changucho chili pati? Chili pa kutembenuka, ndipo apa ndi pamene pali nkhani ya a Kadziwotche, chifukwa lamulo lawo likuyang'ana komwe mzere waloza.

SMA ikamasuntha, kandulo imodzi imalowa, ina imatuluka, zisanu ndi zinayi zapakatizo n'zomwezo. Choncho mzere wa SMA 10 umakwera ngati mtengo wa panopa uli pamwamba pa mtengo wa makandulo 10 apitawo, ndipo umatsika ngati uli pansi pake. Palibenso china. EMA imatsika mtengo ukangotseka pansi pa pomwe mzerewo unali.

Titenge mtengo womwe wakhala ukukwera 1 pa kandulo, wafika pa 1,100, kenako wayamba kutsika 1 pa kandulo. Pansonga mizere yonse ili pa 1,095.5. Mtengo ukubwera pansi, 1,099, 1,098, 1,097, ndipo EMA ikukwerabe pang'ono kukakumana nawo, yafika cha pa 1,096.6. Kandulo yachinayi yatseka pa 1,096, pansi pa mzere, EMA yawerama. SMA ikuyerekezabe ndi makandulo 10 apitawo. Pa kandulo yachinayi, 1,096 akuposa 1,094, ikukwerabe. Pa yachisanu 1,095 ndi 1,095, yaima. Pa yachisanu ndi chimodzi ndi pamene yawerama. Kusiyana ndi makandulo awiri, kwa inu maola awiri. Amenewo ndi maola amene munawadandaula Lachinayi.

Koma maola awiri omwewo ndi amene akanakutetezani pang'ono Lachiwiri. Mtengo ukamangozungulira pamodzimodzi, umadutsadutsa mzere wa EMA, ndipo ukadutsa kamodzi, mzere watembenuka kamodzi. Simungalandire changu cha Lachinayi n'kukana kudzidzimuka kwa Lachiwiri, ndi khalidwe limodzi lomwelo.

Kadziwotche
Ankolo zikomo, apa ndayamba kuona. Ndiye kuti Lachiwiri ndikanakhala pa SMA sindikanaluza?

AnkoloMasamu
Sindingalonjeze zimenezo. SMA 10 nayonso imatembenukatembenuka msika ukakhala wopanda kolowera, kungoti mocheperapo nthawi zambiri. Bwererani pa tchati cha Lachiwiri, ikani SMA 10, muwerenge kuti inawerama kangati. Mutiuze.

Funso lina: munkalowa kandulo itatseka, kapena ikadali kuyenda?

Kadziwotche
Ikadali kuyenda. Ndikaona kansonga ka mzere kapindika ndimadina pompo, kuopa kuchedwa. Kachiwiri kaja ndinali mu minibasi pa Chingeni, ndinadina ndi chala chimodzi, dzanja lina litagwira chikwama. Pofika pa Balaka kansonga kaja kanali katawongokanso.

Namulondola
Ndiye vuto lina ndi limenelo, ndipo mwina ndi lalikulu kuposa kusankha mzere. Kansonga komalizako kamawerengedwa ndi mtengo wa sekondi imeneyo, kamasintha mpaka ola litatha. Golide akagwedezeka ndi madola 5 mkati mwa kandulo, kansonga ka SMA 10 kamasuntha ndi masenti 50, ka EMA 10 ndi masenti 91. Mukabwerera m'mbuyo pa tchati simukaonanso, kanafufutika, patsala mzere wosalala ngati sunakunamizenipo. Dikirani kandulo itseke.

Chiphaliwali
Chabwino, ndavomera za 4.5 zija, ndaziyesa pa kakyuleta. Koma njira yanga yothetsera vuto la Lachiwiri ilipo. Ine sindilowa ndi chizindikiro chimodzi. Ndimafuna ziwiri: mtengo utseke pamwamba pa EMA, komanso EMA ikhale ikuloza m'mwamba. Zikagwirizana ndiye ndimalowa.

AnkoloMasamu
Achimwene, pa EMA zimenezo si ziwiri, ndi chimodzi. Onani kawerengedwe kaja. EMA yatsopano nthawi zonse imagwera pakati pa EMA yapita ndi mtengo. Ngati mtengo watseka pamwamba pa mzere, mzerewo wakwera basi, sizingatheke mwina. Muli ngati munthu amene wafunsa mboni imodzi kawiri n'kumati mboni ziwiri zagwirizana. Pa SMA ndi pamene zimasiyana, chifukwa mtengo ukhoza kutseka pamwamba pa mzere, mzerewo ukutsikabe, ngati kandulo imene ikutuluka inali yokwera kuposa yatsopanoyo.

Chiphaliwali
Ndakhala ndikuchita zimenezi chaka chathunthu. Ndipita ndikayang'ane pa tchati ngati ndingapeze malo amodzi pomwe zinasiyana.

Namulondola
Mukawapeza mutitumizire chithunzi, koma onetsetsani kuti pa `Apply to` pali `Close`.

Mlimi_wa_Kasiya
Ine za golide sindizidziwa, koma nkhaniyi yandikhudza. Ndimagula soya ndi chimanga kwa alimi n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo mtengo wa tsiku lililonse ndimalemba m'kope. Mwana wanga anandiikira pa Excel avereji ya masiku 10 kuti ndiziona komwe mtengo ukulowera. Tsiku lina avereji inatsika kwambiri pomwe mtengo pa msika sunasinthe sabata yonse. Ndinaganiza kuti kompyuta yalakwitsa. Kodi n'zimene mukunenazi?

AnkoloMasamu
N'zomwezo bambo, ndipo nkhani yanu ikuonetsa chilema cha SMA bwino kuposa golide. Yang'anani m'kope masiku 10 m'mbuyo mwa tsiku limenelo, ndikukhulupirira kuti mupeza tsiku limodzi la mtengo wokwera modabwitsa.

Tinene kuti kilogalamu imakhala pa K1,000, koma tsiku limodzi kunabwera ogula ambiri n'kufika K1,500, mawa lake n'kubwerera pa K1,000. SMA 10 ikwera kufika K1,050 n'kukhala pomwepo masiku 10 athunthu, ngati mtengo wakweradi. Tsiku la 11, K1,500 uja akutuluka, avereji igwa kamodzi n'kamodzi kubwerera pa K1,000. Tsiku limenelo pa msika sipanachitike chilichonse. Mzere ukunena za sabata yatha.

EMA ikanachita mwina. Tsiku loyamba ikanalumpha kwambiri, kufika K1,091. Mawa lake K1,074, kenako K1,061, tsiku lachinayi K1,050, ndipo pofika tsiku la 11 ikanakhala pa K1,012. Imadzidzimuka kwambiri poyamba, koma imaiwala mwapang'onopang'ono, popanda kugwa kwachiwiri kuja.

Mlimi_wa_Kasiya
Ndayang'ana m'kope. Lilipodi tsikulo, ndinalembapo pambali kuti "malole awiri". Ndiye ndimuuze mwanayo asinthe aike EMA?

Mayi_a_Awiri
Musafulumire bambo. Ine ndimasunga mabuku a golosale yathu ndipo ndinayesapo zonse ziwiri pa ndalama zolowa tsiku ndi tsiku. Kwathu tsiku la msika ndi Loweruka, timagulitsa pafupifupi kawiri kuposa masiku ena. Ndi EMA mzere unkalumpha Loweruka lililonse n'kumatsika mpaka Lachisanu, ngati mano a sowo, osadziwa ngati bizinesi ikukula kapena ayi. Nditaika SMA ya masiku 7 manowo anatha, chifukwa m'masiku 7 alionse muli Loweruka limodzi, likamalowa latsopano lakale likutuluka. Ngati mtengo wanu umasinthanso ndi tsiku la msika, vuto lanu mwina si SMA ayi, ndi 10 ameneyo. M'masiku 10 nthawi zina mumakhala masiku a msika awiri, nthawi zina limodzi.

Namulondola
Amayi anena mfundo yaikulu. N'chifukwa chake nthawi ya Covid mu 2020 ziwerengero za odwala ankazionetsa ndi avereji ya masiku 7, popeza kumapeto kwa sabata malipoti ankachepa. EMA singafafanize kubwerezabwereza kwa sabata kotheratu, ingochepetsa.

Mlimi_wa_Kasiya
Ine Lamulungu sindigula, ndimalemba masiku 6 pa sabata.

Mayi_a_Awiri
Ndiye ikani 6, kapena 12 ngati mukufuna wosalala kwambiri. Chofunika n'chakuti tsiku la msika lizilowa mofanana nthawi zonse.

WakuJoni
Pamenepo bambo a ku Kasiya, soya chaka chino mukugula bwanji? Ndikufuna kutumiza ndalama kumudzi kuti andigulire matumba angapo ndisunge mpaka mtengo ukwere.

Mlimi_wa_Kasiya
Ndilembereni kumbali achimwene, mtengo ukusintha sabata iliyonse. Koma musanatumize, funsani kuti akasunga pati. Soya akanyowa pansi pa thumba amachita nkhungu, ndipo wogula akangolowetsa dzanja n'kununkhiza, mtengo wagwa. Matumba azikhala pa mapaleti kapena pa mitengo, osati pa simenti.

Chiphaliwali
Abale, tibwerere ku golide. Za soya tsegulani ulusi wina.

Kadziwotche
Ndabwera ndi zimene ankolo anandituma. Lachiwiri, nditawerenga makandulo otseka okha, EMA 10 inatembenuka kawiri, osati katatu. Kachiwiri kaja kanali ka mu minibasi, pa tchati sikakuonekanso. SMA 10 inatembenuka kamodzi, ndipo kamodziko ndikanaluzabe. Ndiye ndikanataya mwina madola 6 m'malo mwa 18.

Koma pali china chandisokoneza. Ndinalemba makandulo 20 pa Excel kuti ndiwerengere ndekha. SMA ikugwirizana ndi ya pa foni mpaka kadontho komaliza. EMA ikusiyana pang'ono. Ndalakwitsa pati?

Namulondola
Mwina simunalakwitse. EMA imafuna poyambira, chifukwa nambala iliyonse imadalira yam'mbuyo mwake. Ya pa foni inayamba makandulo mazanamazana apitawo, yanu yayamba dzulo. Ambiri timayamba ndi SMA ya makandulo 10 oyamba. Ngati mitengo ili mu B kuyambira B2, lembani woyamba uwu mu D11, wachiwiri mu D12, n'kukokera pansi:

```
=AVERAGE(B2:B11)
=D11+(2/11)*(B12-D11)
```

Kusiyana kwa poyambirako kumasungunuka kokha. Pakapita makandulo 10 kumatsala 13 peresenti, pakapita 30 sikuonekanso. Ndi makandulo 20 muli ndi mizere 10 yokha ya EMA, ndiye mpake kuti ikusiyana. Onjezani afike 50. Amene amagwiritsa ntchito EMA 200 asamale kwambiri, chifukwa 13 peresenti yomweyo imakhala ikadalipo pakapita makandulo 200, ndipo pamafunika 600 kapena kuposa kuti igwirizane bwino.

Mnyamata_wa_Zomba
Ine yanga ndi yosiyana. Ndinaika 10 ngati mnzanga, golide yemweyo, ola limodzi lomwelo, koma mzere wanga uli kutali kwambiri ndi mtengo kuposa wake. Ndinkaganiza kuti buloka wanga akundibera.

AnkoloMasamu
Tsegulani mzerewo muone pa `Method` palembedwa chiyani.

Mnyamata_wa_Zomba
Palembedwa `Smoothed`.

AnkoloMasamu
Ndi chimenecho, palibe akukuberani. `Smoothed` imawerengedwa ngati EMA, koma kachigawo kake ndi 1 kugawa ndi N, osati 2 kugawa ndi N + 1. Pa 10 ndi 10 peresenti m'malo mwa 18. Ndi njira imene J. Welles Wilder anagwiritsa ntchito mu zizindikiro za RSI ndi ATR mu 1978, ndipo pa TradingView imatchedwa `ta.rma`. `Smoothed` 10 ndi chimodzimodzi EMA 19, imatsalira makandulo 9 m'mbuyo, kawiri kuposa mnzanuyo. Momwemonso 14 wa mu RSI, kusalaza kwake n'kofanana ndi EMA 27.

Ndipo taonani apa, a Chiphaliwali. `Smoothed` 10 ndi SMA 10 zonse zimapatsa kandulo yatsopano 10 peresenti, koma ina imatsalira 9, ina 4.5. Ndiye kulemera kwa kandulo yatsopano pakokha sikukuuzani kuchedwa kwa mzere. Muyenera kuyang'ananso kuti 90 yotsalayo yagawidwa bwanji kumbuyoko.

Chiphaliwali
Ndamva ankolo. Malo aja ndafufuza miyezi itatu m'mbuyo, sindinawapeze. Komabe ine ndikhala pa EMA. Pa golide nkhani za ku America zikatuluka, mtengo umayenda m'makandulo atatu oyamba, ndipo m'makandulo atatu amenewo EMA yayenda 45, SMA 30. Zoti SMA idzapitirira pa kandulo ya 8 sizindithandiza, ine pamenepo ndatuluka kale.

GogoTchati
Adzukulu, ndawerenga zonse. Ine ndinayamba kuyang'ana matchati ndikugwira ntchito ku Leeds, ndipo ndili pa tchati cha tsiku, osati cha ola. Ndimagwiritsa ntchito SMA 50 ndi SMA 200, ndipo chifukwa changa si masamu. SMA 200 ya tsiku imatsalira pafupifupi masiku 100 amalonda, miyezi inayi ndi kuposa, palibe amene angaitche yachangu. Koma ndi mzere umene atolankhani a zachuma amautchula, ndipo aliyense amene wauika pa mitengo yomweyo amaona nambala imodzimodzi, popanda nkhani ya poyambira ija. Anthu ambiri akamayang'ana malo amodzi, mtengo ukafikapo pamachitika zinthu.

Namulondola
Agogo, mwaulemu, apa ndimakayikira. Timakumbukira nthawi zimene mtengo unabwerera pa 200, n'kuiwala nthawi zimene unangodutsa ngati palibe kanthu. Munawerengapo zonse ziwiri?

GogoTchati
Sindinawerenge mwadongosolo mdzukulu wanga, ndikunena zimene maso aona zaka zambiri. Ukhoza kukhala kuti ukunena zoona. Koma ndikayerekeza ndi anzanga amene amasintha mzere sabata iliyonse, ine ndimagona bwino.

Mayi_a_Awiri
Nanga bwanji osangochepetsa SMA kuti ifanane changu ndi EMA? Kuika 5 kapena 6 m'malo mwa 10?

AnkoloMasamu
Zimatheka amayi. SMA 5 imapatsa kandulo yatsopano 20 peresenti, pafupi ndi 18 ya EMA 10, ndipo imatsalira makandulo awiri okha. Koma mwalipira kwina. Tsopano avereji yanu yaima pa makandulo asanu basi, ndiye phokoso la msika likulowa lambiri, ndipo kandulo yachilendo ikamatuluka mzere udzagwa ndi 20 peresenti ya kulumpha kuja. Pa chitsanzo cha a ku Kasiya, avereji ikanakwera kufika K1,100 n'kugwa ndi K100 tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ine ndimaona kuti kusintha nambala kuchoka pa 10 kupita pa 20 kumasintha zambiri kuposa kusintha `Simple` wa SMA kupita `Exponential` wa EMA. Pa 20, mizere yonse iwiri imatsalira 9.5.

Kadziwotche
Ndiye ine ndipange bwanji? Ndatsala ndi madola 85.

Chiphaliwali
EMA 10, kandulo itatseka, ndipo tsiku lopanda nkhani musalowe.

GogoTchati
Chokani pa ola limodzi mupite pa maola anayi, ndipo madola 6 pa tiredi imodzi ndi ambiri pa akaunti yotere. Tsitsani afike 1 kapena 2.

AnkoloMasamu
Za kuchepetsa ndalama ndikugwirizana ndi agogo. Za mzere, musatenge yankho kwa ine kapena kwa a Chiphaliwali. Tengani makandulo 200 omaliza, ikani mizere yonse iwiri, mulembe m'kope nthawi iliyonse imene uliwonse unatembenuka pa kandulo yotseka, mtengo wolowera ndi wotulukira. Pa tiredi iliyonse muchotsepo kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira komwe buloka amadya, chifukwa mzere wotembenuka kawirikawiri umalipira kameneko kawirikawiri. Mwina mupeza kuti lamulo la mzere umodzi silikupindula pa iwiri yonse. Zimenezo zimachitika, ndipo ndi bwino kuzipeza m'kope.

Kadziwotche
Ndayamba usiku uno, magetsi atazima ndikulemba ndi tochi ya foni ina. Ndafika pa makandulo 80. Mpaka pano EMA yatembenuka ka 14, SMA ka 9. Phindu sindinaphatikize. Funso limodzi: Lolemba m'mawa msika umatseguka ndi mpata kuchokera pomwe unatsekera Lachisanu, ndipo EMA imatembenuka pa kandulo yoyambayo. Kameneko ndikawerenge, kapena ndikadumphe?

Namulondola
Kawerengeni, koma ikani kanyenyezi pambali. Mukamaliza 200 muphatikize kawiri, ndi tinyenyezi komanso popanda, mutitumizire manambala onse awiri.

Chiphaliwali
Ine ndikanakadumpha. Lolemba m'mawa sindilowa n'komwe.